Masiku 61 osati 84: zomwe kontilakitala akuimapo pa mkangano wa kuchedwa kwa msewu ndi mlatho

Ndine wowerengera mitengo ya ntchito za zomangamanga, ndipo lipoti ili ndalemba mbali ya kontilakitala. Maina a makampani, a ofesi ndi a malo ndawachotsa. Ziwerengero ndazisalaza kuti masamu aziyenda bwino, ndipo m'malo mwa madeti ndikuwerenga masiku kuchokera pa tsiku loyambira ntchito monga lilili mu kontilakiti.

Ntchito yake inali yoika phula pa msewu wa dothi wa makilomita 14 ndi kumanga mlatho umodzi pa kilomita 10.2. Mtengo wake unali K4.8 biliyoni, nthawi yake masiku 365. Kontilakiti ndi ya Buku Lofiira la 1999 la FIDIC, bungwe la padziko lonse la mainjiniya olangiza, buku lija mapulani amajambula ndi mwini ntchito, kontilakitala n'kumangomanga. Chindapusa cha kuchedwa anachiika pa 0.05 peresenti ya mtengo wa ntchito pa tsiku, ndiye kuti K2.4 miliyoni dzuwa lililonse likalowa. Tinamaliza pa tsiku la 449, titapyola ndi masiku 84. Injiniya, yemwe mwini ntchito amamusankha kuti aziyang'anira kontilakiti, anatiwonjezera masiku 20 okha, opanda ndalama. Mwini ntchito anatenga masiku 64 otsalawo n'kutidula K153.6 miliyoni.

Fayilo itafika pa desiki panga, mkati mwake munali kale kalata ya masamba atatu yomwe mkulu wa kampani analemba ali ndi ukali, yofuna masiku onse 84 ndi K640 miliyoni. Ndalamayo anaipeza potenga zonse zomwe kampani inawononga n'kuchotsapo zomwe inalandira. Ndinawauza kuti, "Bwana, kalata iyi ikuwonetsa kuti taluza ndalama, koma sikunena kuti watiluzitsa ndani, liti, pa ndime iti." Anayankha kuti, "Nanga si tonse tinalipo, tinaziwona?" Zoona, tinalipo. Koma anthu atatu a komiti yogamula mikangano kunalibe, ndipo iwo amawerenga mapepala. Dandaulo lophatikiza zonse mu thumba limodzi silikanidwa nthawi zonse, koma mbali inayo ikangopezamo vuto limodzi lomwe tinadzipangira tokha, thumba lonse limakayikitsa. Choncho ndinaliphwasula m'zochitika zitatu, ndipo pa chilichonse ndinafunsa ngati pali ndime yotipatsa ufulu, ngati notisi inapita m'nthawi yake, ndiponso ngati chinasunthadi tsiku lomalizira.

Funso lomalizali likufunika kulongosola. Mu ndondomeko yomwe tinapereka motsatira ndime 8.3, ntchito zina zili ndi mpata: zitachedwa sabata, tsiku lomaliza silisuntha. Zina zilibe mpata ngakhale wa tsiku limodzi, ndipo zimalumikizana ngati msana kuchokera poyamba mpaka pomaliza. Pa ntchito iyi msanawo unadutsa pa mlatho: kukumba maziko, kuthira konkire, zipilala, denga la mlatho, dothi la m'mbali mwake, kenako phula la chigawo chimenecho. Kuchedwa kulikonse kosakhudza msanawu sikubala tsiku lowonjezera, ngakhale kutapweteka bwanji.

Malo a pa kilomita 9 mpaka 11.5

Ndime 2.1 imati mwini ntchito apereke malo kwa kontilakitala pa nthawi yolembedwa mu kontilakiti, ndipo akalephera, kontilakitala n'kuchedwa kapena kuwononga ndalama, ayenera kupatsidwa nthawi, ndalama zomwe wawononga, ndi phindu loyenera. Chigawo chomwe muli mlatho chinayenera kuperekedwa pa tsiku la 60. Sichinaperekedwe, chifukwa anthu omwe nyumba, mitengo ya mango ndi madimba awo zinali m'njira anali asanalandire chipepeso. Oyeza malo athu atapita kukakhoma zikhomo, anapeza anthu atakhala pa mabenchi pakati pa njira, ndipo a mfumu anangoti, "Ana anga, bwererani, mudzabwere ndi amene anatiwerengera mitengo aja." M'mawa mwake zikhomo zinali zitazulidwa n'kuunjikidwa bwinobwino pansi pa mtengo. Chipepeso si udindo wa kontilakitala. Malo tinawalandira pa tsiku la 125.

Notisi inapita pa tsiku la 78, patadutsa masiku 18. Ndime 20.1 imapereka masiku 28 kuchokera pomwe kontilakitala wadziwa, kapena anayenera kudziwa, za chochitikacho, ndipo imanena mosapita m'mbali kuti akaphonya, nthawi siwonjezeredwa, ndalama palibe, mwini ntchito wamasuka. Kalata yathu inatchula ndime 2.1 ndi 20.1, ndipo inati tidzafuna nthawi ndi ndalama zomwe. Apa palibe chokanganirana.

Chokanganirana ndi kuchuluka kwa masiku. Kuchokera pa 60 kufika pa 125 ndi masiku 65, ndipo a kampani ankafuna onsewo. Sitikuwafuna. Ndondomeko yathu yomwe ikuwonetsa kuti kukumba maziko a mlatho kunayenera kuyamba pa tsiku la 90. Masiku 30 oyamba anangodya mpata, sanasunthe chilichonse. Osuntha msana ndi ochokera pa 90 kufika pa 125, omwe ndi 35.

Injiniya akuti 20. Maganizo ake ndi oti gulu lathu la amisiri a mlatho linafika pa kampu pa tsiku la 105, ndiye ngakhale malo akanapezeka sitikanayamba pa 90. Mfundoyi ndi yanzeru ndipo ikanatigwetsa, zikanakhala kuti tilibe mapepala awiri. Loyamba ndi risiti yosainidwa ndi mlonda ndi wosunga katundu, yosonyeza kuti makina okumbira ndi matabwa othirira konkire zinalowa pa kampu pa tsiku la 86. Lachiwiri ndi kalata yathu ya tsiku la 84 kwa injiniya yemweyo, yomuuza kuti amisiri tawaimika kaye chifukwa kuwabweretsa n'kumawalipira ndi kuwadyetsa ali chikhalire kungachulukitse ndalama zomwe mwini ntchito adzabweze. Sanayankhe kalatayo. Munthu sangalangidwe chifukwa chosathamangira kukaima pa khomo lokiya, makamaka atanena pasadakhale kuti akudikira dala. Pa tsiku la 105 tinawabweretsa chifukwa cha lonjezo la pa msonkhano wa pa saiti loti chipepeso chituluka sabata yomweyo, ndipo lonjezolo lili m'maminitsi.

Mapulani a maziko

Titakumba mbali ya kum'mawa, pomwe mapulani ankasonyeza thanthwe tinapeza dothi lakuda lofewa, lothina madzi. Injiniya anabwera, analowetsa chitsulo chake, n'kutilamula kuti tiime mpaka atajambulanso maziko. Ndime yomwe tikuimapo ndi 1.9, ya mapulani kapena malangizo ochedwa. Ena ankafuna tiime pa 4.12, ya zovuta za m'nthaka zosayembekezeka. Sindinavomere, pa zifukwa ziwiri: 4.12 imapereka nthawi ndi ndalama zowonongeka koma phindu ayi, ndipo imatsegula mkangano wautali woti kontilakitala wodziwa ntchito akanatha kuliganizira dothi lotere m'mbali mwa mtsinje kapena ayi. Chomwe chinatiimitsa masabata si dothi, ndi kudikira pepala.

Ndime 1.9 ili ndi makwerero awiri, ndipo ambiri amapunthwa pa loyamba. Uyenera kulemba kaye kuti ntchito ichedwa ngati pulani yakuti siifika pofika tsiku lakuti, n'kufotokoza chifukwa chake, ndipo nthawi yomwe wapereka ikhale yomveka. Ikapanda kufika, ulembenso notisi ina ya dandaulo. Yoyamba tinalemba pa tsiku la 150, kupempha mapulani pofika 164. Masabata awiri sitikuwawerengera aliyense, chifukwa kujambulanso maziko kumafuna nthawi, ndipo amisiri anali ndi chochita mbali ya kumadzulo mpaka tsiku limenelo. Yachiwiri inapita pa 181. Mapulani anafika pa 190. Masiku ndi 26, onse pa msana.

Apa pali chilonda chathu, ndipo ndachilemba poyera mu pepala lopita ku komiti. Zitsulo za maziko zomwe tinaitanitsa kunja zinachedwa chifukwa chovuta kupeza ndalama zakunja, ndipo zinafika pa tsiku la 174. Ndiye kuti kuchokera pa 164 kufika pa 174, mapulani akanakhalapo sitikanathira konkire. Masiku 10 amenewo tonse awiri tinachedwetsa ntchito imodzi pa nthawi imodzi. Injiniya wagwira pomwepo n'kukana masiku onse 26.

Buku la 1999 silinena kanthu pa kuchedwa kochitikira limodzi kotere. Tikutsamira pa ndondomeko ya bungwe la ku Britain la SCL ya kuchedwa ndi kusokonekera kwa ntchito, yomwe inatuluka kachiwiri mu February 2017. Si lamulo ndipo si gawo la kontilakiti yathu, koma ogamula ambiri amaidziwa ndi kuilemekeza. Mfundo yake ndi yoti kuchedwa kwa kontilakitala sikumuchepetsera nthawi yomwe ayenera kupatsidwa chifukwa cha kuchedwa kwa mwini ntchito, koma ndalama salandira pa masiku omwe akanaima ndithu chifukwa cha vuto lake. Mwini ntchito asatilipiritse chindapusa pa masiku omwe iyenso anatimanga manja. Ifenso tisamulipiritse pa masiku omwe tinadzimanga tokha. Choncho nthawi tikufuna masiku 26, ndalama masiku 16 okha, kuchokera pa 174 kufika pa 190.

Ndikadabisa za zitsulozo, sizikanabisika. Makalata a pa chipata cholowera m'dziko ali ndi madeti, ndipo woyang'anira wa injiniya amalemba dayale yake tsiku ndi tsiku.

Mvula, yomwe taisiya

Kuyambira tsiku la 268 mpaka 280 kunagwa mvula yomwe inakokolola dothi lomwe tinaunjika m'mbali mwa mlatho. A folomani ali ndi zithunzi mu foni, madzi akusefukira pamwamba pa njira yapadera, thiraki imodzi itatitimira mpaka m'ma ekiselo. Ndime 8.4(c) imapereka nthawi, popanda ndalama, pa nyengo yoipa mopyola muyeso, ndipo mwina tikanatha kuwonetsa zimenezo poyerekeza ndi kaundula wa mvula wa zaka zingapo wa ku nthambi ya zanyengo. Koma notisi inapita pa tsiku la 321, patatha masiku 41 chilekereni mvula. Nditawafunsa a folomani, anati, "Achimwene, injiniyayo anali nafe pomwepo atavala magambutsi. Tikanamulemberanso kuti kwagwa mvula?" Eya, tikanamulembera.

Ndinawerenganso chigamulo cha mlandu wa Obrascon ndi boma la Gibraltar, chomwe woweruza Akenhead anapereka ku khoti la zomangamanga la ku England mu 2014, pa ndime 20.1 yomweyi. Chimathandiza makontilakitala pa zinthu zingapo: chimati ndimeyi isawerengedwe mokhwimitsa mopyola, notisi siyenera kukhala ya mtundu wapadera bola izindikirike kuti ndi dandaulo, ndipo masiku 28 angathe kuwerengedwa kuchokera pomwe kuchedwa kwayamba kuchitikadi. Koma mu mlandu womwewo kontilakitala analuza masiku a mvula, chifukwa mawu a mu lipoti la pamwezi ongoti mvula yasokoneza ntchito sanatengedwe ngati notisi. Lipoti lathu la mwezi umenewo likunena chimodzimodzi. Kaya uwerenge kuchokera pa 268 kaya pa 280, 321 ndi kunja. Masiku 12 amenewa tawasiya. Ena 11 otsala ndi a makina athu ophikira phula omwe anawonongeka, ndipo palibe ndime yomwe ingatinyamulire amenewo.

Nthawi yomwe tikufuna ndiye ndi 35 kuphatikiza 26, masiku 61. Tsiku lomaliza likusunthira pa 426. Masiku 23 tikuwavomera, chindapusa chake K55.2 miliyoni, ndipo pa K153.6 miliyoni yomwe inadulidwa mwini ntchito abweze K98.4 miliyoni. Tatchulanso, mwachidule, kuti ndime 8.7 imadalira 2.5, yomwe imafuna mwini ntchito kapena injiniya apereke notisi ndi tsatanetsatane, n'kugamula motsatira 3.5, asanadule kanthu. Iwo anangodula pa setifiketi ya malipiro.

Mtengo wa kukhalitsa pa saiti

Tsiku lowonjezera silibwera ndi ndalama lokha. Ndalama uyenera kuwonetsa kuti zinatulukadi m'thumba. Njira yachidule yomwe ambiri amakonda ndi kutenga ndalama zoyendetsera saiti zomwe zili mu bilu ya mitengo ya pa tenda, kugawa ndi 365, n'kuchulukitsa ndi masiku. Kontilakiti sinena mitengo ya pa tenda. Ikunena zomwe kontilakitala wawononga moyenerera. Komanso masiku owerengera si a kumapeto kwa ntchito, pomwe pa kampu patsala anthu ochepa, koma a nthawi yomwe kuchedwako kunkachitika.

Ndinatenga mabuku a malipiro, renti ya kampu, dizilo wa jeneretala, magalimoto a akapitawo, alonda, labu, inshuwalansi ndi chikole cha ku banki. Pakati pa tsiku la 90 ndi 125 zinkakwana K2.6 miliyoni pa tsiku, ndiye masiku 35 ndi K91 miliyoni. Pakati pa 174 ndi 190 kampu inali itadzaza, K3.4 miliyoni pa tsiku, masiku 16 ndi K54.4 miliyoni. Zonse K145.4 miliyoni. Za ku likulu la kampani sindinaikemo. Pali masamu odziwika owerengera zimenezo, monga a Hudson ndi a Emden, koma amagwira ukawonetsa kuti panali ntchito ina yomwe unaikana kapena kuiphonya chifukwa chomangika pano. Ndinafunsa kalata ngakhale imodzi ya tenda yomwe tinaisiya. Sinapezeke.

Kusokonekera kwa ntchito

Ichi ndi china, ndipo ndi chomwe injiniya sanachiyankhe n'komwe. Kuchedwa kumakhudza tsiku lomaliza. Kusokonekera kumakhudza liwiro: ntchito ikuyenda, koma ikudya maola ndi dizilo wambiri kuposa momwe ikanadyera. Kungachitike pa ntchito yomwe sili pa msana n'komwe, ndipo ndi momwe zinalili ndi gulu lathu loyala gelevulo.

Mgodi wa gelevulo unali pa kilomita 4. Chigawo cha pakati chitatsekeka, injiniya anatilimbikitsa kuti tidumphe tikagwire kilomita 11.5 mpaka 14, ndipo tinatero. Koma mathiraki sakanadutsa m'njira ya ntchito. Ankazungulira kanjira ka m'midzi kowonjezera makilomita 7, kopapatiza koti awiri sangapatukirane, kodutsa pa sukulu pomwe timayenera kuthira madzi kawiri pa tsiku chifukwa cha fumbi. Giredala ndi chogandira zinkakhala zikulira pachabe, kudikira thiraki.

Poyeza, sindinayerekeze ndi liwiro lomwe tinalonjeza pa tenda, chifukwa aliyense anganene kuti tinadzitama pofuna kupambana. Ndinayerekeza gulu lomwelo ndi lokha. Pa kilomita 0 mpaka 6, pomwe panalibe chotchinga, anthu omwewo ndi makina omwewo ankayala makyubiki mita 600 pa tsiku, malinga ndi mapepala oyezera omwe woyang'anira wa injiniya anasainira. Ku chigawo chodumphiracho anayala makyubiki mita 18,000 m'masiku 45 ogwira ntchito, ndiye kuti 400 pa tsiku. Pa liwiro lawo lenileni akanamaliza m'masiku 30. Kusiyana kwake ndi masiku 15.

Asanu ndi khumiwo si onse a mwini ntchito. Ndinakhala ndi dayale masana awiri, tsamba ndi tsamba, masamba ena atamatana ndi matope. Ndinapezamo masiku awiri omwe giredala inafa, ndi awiri omwe thanki ya dizilo inauma. Ndawachotsa. Ndachotsanso m'maganizo mfundo yoti mtunda wochokera ku mgodi ukanatalika ndithu ngakhale njira ikanatseguka, chifukwa ndondomeko yathu inali itaika kale mathiraki owonjezera pa chigawo chimenecho ndipo dayale ikuwonetsa kuti analipo. Chomwe sanathe ndi kupatukirana m'kanjira kaja. Otsala ndi masiku 11. Gulu lonse ndi makina ake limadya K3.8 miliyoni pa tsiku, ndiye K41.8 miliyoni. Ndinaonetsetsa kuti palibe munthu kapena galimoto yomwe yawerengedwa kuno n'kuwerengedwanso mu ndalama za kampu, chifukwa kuwerenga kawiri ndi chinthu choyamba chomwe wowerengera wa mbali inayo adzasake. Chiyambi cha kusokonekeraku ndi malo omwe aja, ndiye ndime ndi 2.1, ndipo notisi ya tsiku la 78 ikukuphimba.

Pali cholakwa china chomwe tavomereza. Ndime 20.1 imafuna dandaulo latsatanetsatane pasanathe masiku 42, ndipo ngati vuto likupitirira, lipoti mwezi ndi mwezi, kenako lomaliza pasanathe masiku 28 zotsatira zake zitatha. Pa nkhani ya malo, malipoti awiri a pamwezi tinawadumpha ndipo lomaliza linachedwa. M'buku la 1999 kuphonya kumeneku sikupha dandaulo ngati mmene kuphonya masiku 28 oyamba kumachitira. Kumangochepetsa zolandira ngati kwalepheretsa injiniya kufufuza bwino. Sikunamulepheretse. Mapepala onse omwe tikudalira ali ndi siginecha ya woyang'anira wake.

Zomwe tapempha

Ndalama za kampu ndi za kusokonekera pamodzi ndi K187.2 miliyoni. Ndime 1.9 ndi 2.1 zonse zimalola phindu loyenera, koma buku la 1999 silitchula peresenti. Tapempha 5 peresenti, yomwe ndi imene buku la 2017 limagwiritsa ntchito pomwe kontilakiti sinalembe ina, ndipo ndi K9.36 miliyoni. Tikupempha komiti igamule kuti nthawi iwonjezeredwe ndi masiku 61 onse pamodzi, kuphatikizapo 20 omwe injiniya anapereka kale. Kuti mwini ntchito alipire K196.56 miliyoni, ndiponso kuti abweze K98.4 miliyoni ya chindapusa.

Mkulu wa kampani anasaina pa ulendo wachitatu. Pa woyamba anabweza pepalalo atazunguliza masiku 23 ndi cholembera chofiira, atalemba m'mbali kuti, "Tikudzipereka tokha?" Pa wachiwiri anafuna mvula ibwerere. Ndinawayalira kalata ya tsiku la 321 pambali pa ndime 20.1, n'kuwasiya awerenge okha.

Nkhani tsopano yaperekedwa ku komiti motsatira ndime 20.4, yomwe imaipatsa masiku 84 kuti igamule. Wosakhutira ali ndi masiku 28 olembera kusakhutira kwake, kupanda apo chigamulo chimakhala chomaliza. Akalemba, pamakhala masiku 56 oyesa kumvana abitireshoni, yomwe ndi kuzenga mlandu kwa ogamula apadera kunja kwa khoti, isanayambe. Pomwe ndikuyembekezera kuti atipanikiza ndi pa masiku a pakati pa 90 ndi 105, chifukwa kalata yathu ya tsiku la 84 ili m'fayilo yathu koma chidindo cholandirira cha ku ofesi ya injiniya n'chofufutika deti. Dalaivala yemwe anaipereka akadali pa kampani, ndipo kabuku kake ka maulendo ndakatenga ndakatsekera m'kabati mwanga.